Babu loyamba silidya karenti: ndiwathandize bwanji ana a Fomu 2?

ChokoChoyera

Aphunzitsi anzanga, ndabwera ndi vuto la m'kalasi. Sabata yatha ndinajambula pa bolodi sekiti ya mabatire awiri a tochi ndi mababu awiri ofanana olumikizidwa mondondozana, kenako ndinafunsa kuti babu lowala kwambiri lidzakhala liti. Ana oposa theka anati ndi lomwe lili pafupi ndi mutu wa batire, chifukwa ndilo liyamba kulandira moto, ndipo linzakelo limangotola zotsala. Ndinafotokoza kuti karenti ndi yofanana paliponse m'sekiti yotere, iwo anavomera nalemba m'makope. Dzulo ndafunsa funso lomwelo, koma nditatembenuza chithunzi kuti batire likhale pansi, ndipo yankho lakale labwereranso. Zipangizo zomwe ndili nazo ndi amita imodzi, volitimita imodzi, mababu a tochi asanu ndi limodzi ndi mawaya ochepa. Kodi inu mumatani kuti ganizo limeneli lichoke m'mutu mwa mwana, osati m'kope mokha?

Wa_ku_Thyolo

Pepani a ChokoChoyera, koma kodi anawo akulakwitsadi? Ine ndinalumikizapo mababu awiri motero, ndipo limodzi linawala kuposa linzake kalasi yonse ikuona.

Wopuma_Ntchito

A Wa_ku_Thyolo, zomwe munaonazo ndi zoona, koma chifukwa chake si malo a babu. Mababu a tochi amene timagula m'magolosale safanana, ngakhale galasi lake lioneke chimodzimodzi. Mukayang'ana pa chitsulo cha m'munsi mwake mupeza kuti lina lalembedwa 2.5 V 0.3 A, lina 3.8 V 0.3 A, lina 2.5 V 0.2 A, ndipo ena sanalembedwe kanthu. Mukawaika mondondozana, karenti yodutsa mwa onse awiri ndi imodzi, koma babu lomwe kawaya kake ka m'kati kamakaniza kwambiri karenti ndilo limatenga gawo lalikulu la voteji, motero limawala kuposa linzake. Njira yodziwira ndi yosavuta: sinthanitsani malo. Ngati ganizo la anawo lili loona, kuwala kuyenera kutsalira pa malo oyamba aja. Chomwe chimachitika n'chakuti kuwala kumasamuka ndi babu. Mungathenso kutembenuza mabatire okha, mababu osawakhudza, ndipo babu lowala lija lipitiriza kuwala ngakhale tsopano lakhala lomaliza.

Kwa a ChokoChoyera, langizo langa loyamba ndi lakuti musalowe m'kalasi ndi mababu omwe simunawayese. Madzulo, tsiku la phunziro lisanafike, yatsani babu lililonse palokha ndi mabatire omwewo, werengani amita, ndipo musankhe awiri omwe akupereka nambala yofanana. Phunziro limeneli limafa mosavuta pamene mphunzitsi wanena kuti mababu awala mofanana, kenako limodzi n'kuwala kwambiri, ndipo mwatsoka n'kukhala lija lapafupi ndi mutu wa batire. Mwana amene waona zimenezo ndi maso ake simungamubweze ndi choko.

Wa_ku_Thyolo

Sindinawasinthanitse, ndivomereze. Ndiyesa Lolemba.

MayiLabu

Ine ndikuona kuti gwero la vutoli ndi chilankhulo cha kunyumba. Timati batire latha moto, timati mayunitsi atha, timati mbaula imadya magetsi. Mwana wakula akumva kuti magetsi ndi chinthu chomwe chimathiridwa n'kutha, ngati parafini mu nyali. Ndiye akafika m'kalasi n'kumva kuti karenti siitha, amaona ngati tikutsutsa zomwe amayi ake amadandaula mwezi ndi mwezi. Ndipo amayi akewo sakunama, pali chinthu chomwe chimathadi. Vuto ndi lakuti mawu amodzi akuti magetsi asenza zinthu ziwiri, zomwe zimayenda kuzungulira sekiti ndi mphamvu yomwe imatsala pa babu n'kusanduka kuwala ndi kutentha. Tikangouza mwana kuti siitha osamuonetsa chomwe chimathacho, tamulanda yankho lake popanda kumupatsa lina, n'chifukwa chake amabwerera ku lakale sabata ikatha.

Wopuma_Ntchito

Amayi anena zoona, ndipo ndondomeko ya phunziro iyenera kuchokera pomwepo. Ndi amita imodzi mungachite motere. Jambulani sekiti pa bolodi ndipo muike zizindikiro pa malo atatu: pakati pa mutu wa batire ndi babu loyamba, pakati pa mababu awiriwo, ndi pakati pa babu lachiwiri ndi m'munsi mwa batire. Ikani amita pa malo oyamba, mwana mmodzi awerenge mokweza. Ndi mabatire awiri atsopano a 1.5 V ndi mababu awiri a 2.5 V 0.3 A, mupeza pafupifupi 0.2 A. Pamenepo imani kaye. Mwana aliyense alembe ndi bolopeni, osati pensulo, nambala yomwe akuyembekezera pa malo achiwiri ndi achitatu, pamodzi ndi chifukwa chake m'chiganizo chimodzi. Ambiri alemba 0.1 A pakati ndi 0 kumapeto. Werengani manja, lembani chiwerengero pa bolodi, ndipo muitane mmodzi wa omwe alemba 0 kuti asamutse amita ndi manja ake. Malo onse atatu apereka 0.2 A.

Musathamangire kufotokoza. Funsani omwe analemba 0 kuti, ngati karenti yonse ikutuluka m'babu monga inalowera, nanga kuwalako kwachokera kuti? Apa ndi pamene volitimita ilowa. Pa mabatire muwerenga pafupifupi 2.8 V mababu akuyaka, osati 3 V, chifukwa mabatirewo nawonso amakaniza karenti pang'ono m'kati mwawo. Pa babu lililonse muwerenga pafupifupi 1.4 V. Ana aphatikize okha aone kuti 1.4 ndi 1.4 ndi 2.8. Tsopano muli ndi zinthu ziwiri pa bolodi, chimodzi chomwe sichisintha pozungulira ndi china chomwe chimagawika, ndipo chogawikacho ndicho chikukhudzana ndi mphamvu yomwe mababu akutenga.

Chenjezo limodzi: amita imalowa m'njira momwemo, mumadula sekiti n'kuiika pa mpatawo. Mwana akaiika m'mbali mwa mababu onse awiri monga volitimita, kapena molunjika pa mabatire, singano imenya kumapeto, ndipo ngati ndi mita ya manambala fyuzi yake ingathe kupsa. Wokhala ndi amita imodzi yokha aone malumikizidwe onse swichi isanayatsidwe.

Kampasi77

Ine ndimawauza mwachidule kuti mababu awiri amagawana karenti, n'chifukwa chake amawala mofooka kuposa babu limodzi. Babu limodzi limatenga yonse, awiri aliyense theka. Ana amagwira msanga, ndipo sanenanso zoti loyamba limadya kwambiri.

Wopuma_Ntchito

A Kampasi77, mwachiza mutu n'kubweretsa m'mimba. Mawu akuti kugawana akutanthauza kuti batire limatulutsa karenti yofanana nthawi zonse, ndipo mababu amangodulirana. Amita ikukana zimenezo. Ndi babu limodzi muwerenga pafupifupi 0.3 A. Mukaonjeza lachiwiri mondondozana, karenti yotuluka m'batire momwemo imatsika kufika pa 0.2 A, ndipo babu lililonse limalandira 0.2 A yonseyo, osati gawo lake. Batire limayesetsa kusunga voteji, koma kuchuluka kwa karenti kumadalira zomwe mwalumikiza. Mwana amene mwamuphunzitsa kugawana adzasokonezeka mukafika pa mababu a m'nthambi ziwiri, chifukwa kumeneko adzayembekezera kuti afooke, pamene onse awiri amawala pafupifupi ngati babu limodzi lokha, batire n'kumatulutsa karenti yochuluka pafupifupi kawiri.

Kampasi77

Ngati ndi choncho, bwanji siinatsike kufika pa 0.15 A? Mababu awiri ofanana ayenera kukaniza kawiri. Nambala zanuzi sizikugwirizana ndi V = IR.

Wopuma_Ntchito

Funso lanu ndi labwino, ndipo mwana wochenjera adzalifunsa. Lamuloli silinaphwanyidwe, koma R ya babu siikhazikika. Kawaya ka m'babu ndi ka tangisiteni, ndipo kamakaniza karenti kwambiri kakatentha. Babu lili lokha, 2.8 V kugawa ndi 0.3 A kukupereka maomu oposa 9 pang'ono. Likakhala ndi linzake limazizirirapo, ndipo 1.4 V kugawa ndi 0.2 A kukupereka maomu 7. Awiri pamodzi ndi maomu 14, osati 18 kapena 19. Chifukwa chake ine sindilonjeza ana theka pamene ndikugwiritsa ntchito mababu. Ndimangoti karenti itsika, ndipo masamu a theka ndimawasungira marezisita.

Kufooka kwa kuwala kukuonekanso m'nambala zomwezi. Babu lili lokha likutenga 2.8 kuchulukitsa ndi 0.3, omwe ndi mawati 0.84. Lili ndi linzake likutenga 1.4 kuchulukitsa ndi 0.2, omwe ndi mawati 0.28, gawo limodzi mwa magawo atatu. Awiri pamodzi ndi mawati 0.56, kutanthauza kuti mabatire akhalitsa ndi mababu awiri ondondozana kuposa ndi limodzi. Ana ambiri amakana zimenezi poyamba, ndipo ndi funso labwino loyesera ngati amvetsadi.

Mwana_wa_Shire

Ine ndimaphunzitsa kumunsi kwa chigwa, ndipo fanizo langa ndi mtsinje wathu womwewu. Madzi a Shire amadutsa pa Nkula n'kuzungulitsa makina, kenako amafika pa Tedzani, kenako pa Kapichira. Ndimafunsa ana ngati makina a pa Nkula amamwa madzi. Amaseka, amati ayi, madzi amatuluka n'kupitiriza ulendo. Ndiye ndimafunsa chomwe madziwo ataya, ndipo pakapita kanthawi wina amanena kuti atsika, sali pamwamba monga analili. Kuchuluka kwa madzi odutsa ndiye karenti, kutsika kwa mtunda ndiye voteji ya pa babu. Sindinapeze fanizo loposa limeneli.

MayiLabu

Fanizo lanu ndi lokoma pa mfundo yakuti choyendacho sichitha, achimwene, ndipo ndilibwereka. Koma lili ndi msampha womwe ukulimbikitsa ganizo lomwe a ChokoChoyera akulimbana nalo. Mtsinje uli ndi woyamba ndi womaliza. Nkula imalandira madzi Kapichira isanawaone, ndipo makina a pa Kapichira atazimitsidwa lero, a pa Nkula apitiriza kuzungulira osadziwa kanthu. M'sekiti sizili choncho. Mukamasula babu lomaliza, loyamba limazima nthawi yomweyo. Mukaonjeza babu kumapeto, loyamba limafooka. Mwana wa fanizo la mtsinje adzanena kuti za kumunsi sizikhudza za kumtunda, ndipo pa mayeso adzalakwa funso lililonse lomwe chosinthidwacho chili pambuyo pa babu.

Ine ndimagwiritsa ntchito chingwe. Ndimatenga chingwe cha thonje cha mamita asanu ndi atatu, ndimamanga nsonga zake kuti chikhale chozungulira, ndipo ndimachipaka madontho a inki motalikirana mofanana. Ana amaima mozungulira, chingwe chili m'manja momasuka. Mmodzi ndi batire, amakoka chingwe ndi dzanja ili n'kulandiza dzanja linalo. Wina ndi babu, amafinya chingwe pang'ono, ndipo chikhatho chake chimatentha. Ndimafunsa ngati chingwe chotuluka m'dzanja lake n'chochepa kuposa cholowa. Kenako wachiwiri amafinya, ndipo onse amamva kuti chingwe chonse chachepetsa liwiro nthawi imodzi, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Amene amatopa ndi wokokayo, osati chingwe. Musagwiritse ntchito chingwe cha nayiloni chifukwa chimawotcha khungu, ndipo muuze wokokayo kuti asaonjeze mphamvu wachiwiri akafinya, chifukwa mwachibadwa amafuna kutero ndipo phunziro limawonongeka.

Mwana_wa_Shire

Ndamva, mayi, koma chingwe chanucho chionetsa bwanji voteji? Pa mtsinje mwana amauona mtunda ndi maso. Pa chingwe palibe chomwe angaloze. Nanga nthambi ziwiri mudzazipanga bwanji ndi chingwe chimodzi?

MayiLabu

Nthambi sizitheka, ndipo ndimawauza anawo poyera kuti chingwe chathera pamenepa. Za voteji ndimati ndi kusiyana kwa kukungika kwa chingwe mbali ziwiri za dzanja lofinya, koma ndikuvomera kuti ochepa okha ndi omwe amazigwira.

Mwana_wa_Shire

Ndiye aliyense wa ife ali ndi theka lake. Ine sindisiya mtsinje.

Wamawaya

Ine si mphunzitsi, ntchito yanga ndi yoika mawaya m'nyumba, ndipo ndinalowa muno chifukwa cha mwana wanga wa Fomu 1. Ndikudabwa kuti mukuvutikira mababu ondondozana pamene palibe nyumba yomwe timalumikiza motero. Mababu a m'nyumba aliyense ali pa nthambi yake ndipo amalandira 230 V yonse. Bwanji osawatengera ana pa bokosi la magetsi la pasukulu kuti aone zenizeni?

ChokoChoyera

Zikomo bambo, koma funso langa silinali la malumikizidwe a m'nyumba, ndipo sindingayandikitse ana pa 230 V. Zonse timachita ndi mabatire a tochi. Komabe mundithandize pa chinthu chimodzi: pa ntchito yanu, kodi waya wobwerera amanyamula karenti yochepa kuposa wopita?

Wamawaya

Ayi, ndi yofanana. Ndikapana mita yanga pa waya wamoto n'kuwerenga 8 A ketulo ikuwira, pa nyutulo ndiwerenganso 8 A. Ndipotu pali swichi yoteteza anthu yomwe imadalira zimenezi. Imayerekeza karenti yopita ndi yobwerera, ndipo zikasiyana ndi 30 mA yokha imadula magetsi, chifukwa kusiyanako kukutanthauza kuti ina yapeza njira yopita pansi, mwina kudzera m'thupi la munthu. Ketulo ikanakhala kuti imadya karenti, swichi imeneyi bwenzi ikugwa nthawi iliyonse munthu akafuna tiyi. Mayunitsi omwe mumagula ku ESCOM ndi a mphamvu. Yuniti imodzi ndi 1 kWh, yomwe ndi chipangizo cha mawati 100 chikayaka maola 10.

MayiLabu

Bambo Wamawaya mwatipatsa chitsanzo chomwe ine sindinachiganizepo, ndipo chikuyankha dandaulo la amayi a mwana uja mwachindunji.

Mlendo_Mkalasi

Ine ndangoyamba kumene pa sukulu ina yoyendera ya kumudzi, ndipo tilibe amita ngakhale imodzi. Ndinamasula timababu toyera m'matochi akale n'kulumikiza tiwiri mondondozana pa mabatire awiri, koma palibe komwe kanayaka. Ana anati zaonekeratu kuti koyamba kamaliza moto wonse. Ndinasowa chonena.

Wopuma_Ntchito

Mwana wanga, timababu timeneto ndi ma LED, ndipo sitiyenera phunziro limeneli. Koyera kalikonse kamafuna pafupifupi 3 V kuti kayake bwino, ndiye tiwiri tondondozana timafuna pafupifupi 6 V, pamene inu munali ndi 3 V yokha. Kuonjezera apo, timalola karenti mbali imodzi yokha, motero kamodzi kakatembenuzidwa sekiti yonse imafa. Funani mababu akale a kawaya, ndipo anawo muwauze zomwe zinachitika. Muwafunsenso kuti, ngati koyamba kanamaliza moto, bwanji nakonso sikanayake?

Pa kusowa kwa amita, kampasi ingakuthandizeni ngati mungaibwereke kwa mphunzitsi wa jogalafe. Mu 1820 Oersted anaona kuti waya wonyamula karenti amapatutsa singano ya kampasi. Ikani kampasi pa tebulo lamatabwa kutali ndi zitsulo, singano ikhazikike, ndipo muyale waya pamwamba pake motsata singanoyo. Ndi 0.2 A singano imapatuka pang'ono chabe, choncho zungulizani wayayo kasanu kuzinga kampasi kuti kupatukako kuoneke, ndipo mumate ndi tepi kuti zisasunthe. Kenako samutsani chipangizo chanucho m'malo atatu aja, kampasi osaisuntha pa tebulo, mukungosintha malumikizidwe. Siikupatsani nambala ya maampeya, koma ana aona kuti singano ikuima pamalo amodzimodzi.

Kampasi77

Pali chinthu china chomwe chimandivuta ine ndemwe. Ngati maelekitironi amachoka m'batire kupita ku mababu, loyamba liyenera kuyamba kuyaka, ngakhale ndi kanthawi kochepa. Ana akafunsa zimenezi ndimati liwiro lake ndi la kuwala, n'chifukwa chake sitiona kusiyana.

Wopuma_Ntchito

Maelekitironi sayembekezera m'batire ngati othamanga pa mzere. Ali kale m'waya monse ndi m'kawaya ka babu swichi isanayatsidwe, monga chingwe cha a MayiLabu chili kale m'manja mwa onse. Ndipo amayenda pang'onopang'ono modabwitsa. M'waya wa kopa wa 0.5 mm² wonyamula 0.2 A, amasuntha pafupifupi masentimita 10 pa ola. Babu likanati lidikire elekitironi yochokera m'batire, pa waya wa theka la mita bwenzi tikudikira maola asanu. Chomwe chimafalikira mwachangu, pafupi ndi liwiro la kuwala, ndi kukankhako. Ana a Fomu 2 sindiwapatsa masamu ake, koma nambala ya masentimita 10 pa ola ndimawapatsa, chifukwa imagwetsa ganizo la woyamba ndi womaliza. Mfundo ina yothandiza ndi yakuti muvi wa karenti womwe timajambula umachoka ku + pamene maelekitironi amachoka ku −, ndiye mwana wokakamira muzimufunsa kuti babu loyambalo ndi liti.

Wa_ku_Thyolo

Ndabwerera. Ndinasinthanitsa mababu aja ndipo kuwala kunasamuka ndi babu. Nditayang'anitsitsa, lowalalo linalembedwa 0.2 A, linzake 0.3 A. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti buku likunena za mababu a m'maloto.

ChokoChoyera

Nane ndaphunzitsa lero maphunziro awiri otsatizana. Ndinasankha mababu usiku, ndipo mwa asanu ndi limodzi aja, atatu okha ndi omwe anafanana. Amita inawerenga 0.21 A pa malo oyamba, 0.21 A pakati, ndi 0.20 A pa malo omaliza, ndipo nthawi yomweyo mnyamata wina anafuula kuti yachepa ndithu. Ndinabwezera amita pa malo oyamba ndipo inawerenga 0.20 A, motero tinagwirizana kuti mwina ndi mabatire omwe afooka pang'ono kapena kulumikiza kolobodoka, koma nkhope yake inaonetsa kuti sanakhutire kwenikweni. Chingwe chinayenda bwino kuposa amita. Chomwe chinandigwira ndi funso la mtsikana wina kumapeto: ngati zonse zimabwerera m'batire, n'chifukwa chiyani batire limatha? Ndinayankha za mnyamata wokoka chingwe amene amatopa, koma iye anati batire lilibe manja.

Wopuma_Ntchito

Mtsikanayo akufuna chinthu chogwirika, ndipo chilipo. M'batire wamba la tochi, chikho chakunja pansi pa chikutiro chake ndi cha zinki, ndipo zinkiyo imadyeka pang'onopang'ono pamene batire likukankha karenti. Funani batire lakale lomwe latupa kapena layamba kuchucha, liikeni m'botolo lagalasi lotseka kuti ana asalikhudze, ndipo muliike pambali pa latsopano. Chomwe chatha ndi mankhwala omwe amachita kukankhako. Za 0.01 A ija, ulendo wina muyambire kuyeza pa malo omaliza n'kumabwerera m'mbuyo, ndipo muzizimitsa swichi pakati pa miyeso kuti mabatire asafooke. Pakatha masabata atatu mufunsenso funso lija, batire litajambulidwa kumanja ndipo mababu ali atatu.

Mwana_wa_Shire

Mukadzafunsa, a ChokoChoyera, muonjezepo funso la voteji ya pa babu lililonse. Ndikufuna ndidziwe ngati ana a chingwe adzaliyankha.